Ndalama za gulu zikuperewera zikafika kumudzi, msonkho ndi umene ukudya?

Msungichuma wa ku Rosettenville: Asungichuma anzanga, ndithandizeni. Gulu lathu la kuno ku Joni limatumiza K400,000 kwa mlembi ku Mangochi, iye n'kutumizira amayi a banki m'khonde pa foni. Mwezi uno buku silikugwirizana, ndipo amayiwo akuti msonkho watsopano wa potumiza ndalama pa foni ukuwadyera, ndiye abwerere kosunga ndalama m'bokosi. Ndiwauze chiyani?

Bambo a ku Mayfair: Akunena zoona amayiwo. Ndi 5 peresenti, pa K400,000 boma latenga K20,000. Dulani ndalamayo kanayi, ya K100,000 salipiritsa.

Mayi wa ku Turffontein: Ayi bambo, mwawerenga molakwika. Umene nduna ya zachuma a Joseph Mwanamvekha analengeza mu Novembala 2025 ndi 0.05 peresenti, pa ndalama yoposa K100,000, ndipo amalipira ndi wotumiza. Pa K400,000 ndi K200 basi. Zoti K100,000 ilibe msonkhowo mwalondola, koma mukadula kanayi mulipiranso kampani ya foni kanayi, mwina kuposa K200 imene mukuithawayo.

Achimwene a ku Rosettenville, tsegulani mauthenga a pa foni ya mlembi, muwerenge kuti ndalamayo yadumpha kangati. Kwa mlembi kupita kwa wapampando, wapampando kwa membala, membala n'kukatapa kwa ejenti. Paliponse pamene yadumpha pamadulidwa kanthu, ndipo kawirikawiri chachikulu chimapita potapa. Lembani mizere itatu m'buku: msonkho, chindapusa chotumizira, chindapusa chotapira. Muona nokha pamene pakudontha.

Mnyamata wa ku Hillbrow: Ine mkazi wanga ndi wa ku Zimbabwe, kwawo anayamba kudula 2 peresenti mu 2018. Apongozi amangofuna ndalama ya m'manja, timapatsira a basi ku Park Station.

Mayi wa ku Turffontein: Uwo ndiye umaluma, pa K400,000 ikanakhala K8,000. Ku Uganda mu 2018 anaika 1 peresenti poika, potumiza ndi potapa pomwe, anthu anathawa mafoni, boma n'kutsitsa kufika 0.5 peresenti potapa pokha. Wathuwu ndi wochepa, ndipo mayi wosunga K5,000 pa sabata sumukhudza. Chomupweteka iye ndi chindapusa chotapira, chifukwa pa ndalama yaing'ono chimadya gawo lalikulu. Atape kamodzi pamwezi, osati sabata iliyonse.

Bambo a ku Mayfair: Chabwino, ndamva. Koma lero 0.05, mawa akweza. Bokosi lilibe msonkho.

Msungichuma wa ku Rosettenville: Lilibe msonkho, koma limagona m'nyumba ya munthu mmodzi ndipo mudzi wonse umadziwa tsiku logawana. Ndaona mauthenga aja, ndalama ikudumpha katatu. Ndiuza mlembi azitumiza mwachindunji kwa membala aliyense. Chatsala n'chakuti chotapira alipire ndani, gulu kapena mwini ndalama? Kwanuko mumatani?