Ndisankhe mawu ati pa LinkedIn pofuna ntchito ya mu sitolo ya katundu?

Abale a kuno ku Lusaka, ndithandizeni nzeru. Ndagwira zaka 5 mu sitolo ya katundu ku Industrial Area, kulandira ndi kutulutsa katundu, ndipo tsopano ndikufuna ntchito yokulirapo. Ndinasonkhanitsa zilengezo 12 za ntchito za mwezi watha, n'kuwerenga mawu amene akubwerezedwa.

Mawu akuti "inventory management" anapezeka mu zilengezo 9, "stock control" mu 4 zokha. Koma kwathu kuntchito timanena achiwiriwa, ndipo ndi amene ali pa tsamba langa la LinkedIn. Poti olemba ntchito amasaka ndi mawu a m'zilengezo zawo, ndikuganiza zoika oyambawo pa Headline, enawo n'kuwasiya pa Skills. Ndalondola?

Chimene chandisowetsa tulo ndi "SAP", pulogalamu ya pa kompyuta yoyendetsera katundu ndi ndalama za kampani. Chinatchulidwa ka 7, pamene ine ndimagwiritsa ntchito Sage Pastel ndi Excel basi. Mnzanga wina akuti ndingolemba, ndikaphunzira ndikalowa. Ine mtima ukukana, chifukwa atandifunsa pa intaviyu mmene ndingalandirire katundu m'pulogalamuyo, ndingachite manyazi. Kodi kulemba "ERP", dzina la mtundu wa mapulogalamu ngati SAP, kungakwanire, poti zilengezo 3 zinalemba choncho osatchula dzina la pulogalamu?

Zilengezo 6 zinafunanso umembala wa ZIPS, bungwe la akatswiri a ntchito yogula ndi kupereka katundu muno m'Zambia. Ndangoyamba kulembetsa, satifiketi sinatuluke. Nditchule panopa kapena ndidikire?

Amene munalembapo anthu ntchito zoterezi, mumayamba ndi mawu ati posaka?