Pempho la thandizo pa karenti ya koyilo ndi rezisita

Akuluakulu, ndithandizeni pa funso limene landisowetsa tulo. Ndili ndi rezisita ya maomu 3 yolumikizidwa motsatizana ndi koyilo ya mamilihenure 12.7, ndipo magetsi ake ndi v = 100 sin(314t + θ), pamene θ ndi engulo ya voteji pa nthawi imene switchi yatsekedwa.

Gawo lokhazikika ndalipeza bwinobwino: ωL ndi pafupifupi maomu 4, choncho Z ndi maomu 5, ndipo karenti imafika maampere 20, ikutsalira kumbuyo kwa voteji ndi madigiri 53. Popeza karenti ya m'koyilo siingalumphe mwadzidzidzi, ndinaika i(0) = 0, ndipo gawo lozimirira linatuluka motere: −20 sin(θ − 53°) e^(−t/τ), pamene τ = L/R, mamilisekondi pafupifupi 4.2.

Chimene chikundizunguza mutu ndi ichi: masamuwa akusonyeza kuti ndikatseka switchi pa θ = 53°, gawo lozimirira silioneka konse, pamene ndikaitseka voteji ili pa ziro, limayambira pa maampere 16. Ine ndinkaganiza kuti kutseka pa ziro ndiko kofatsa. Kodi ndaphonya chizindikiro penapake, kapena koyilo imachitadi zimenezi? Ngati imatero, ndifotokozereni chifukwa chake m'mawu, osati m'masamu okha.