Ndalama za khadi zimachedwera pati?

Akuluakulu, tithandizeni kumvetsa. Kasitomala akalipira ndi khadi Lachisanu madzulo, makina amavomereza pomwepo, koma ndalama zimafika Lolemba kapena Lachiwiri, zitadulidwa kale. Tikudziwa kuti kuvomerezako kumangotanthauza kuti banki yake yazigwira, ndipo makinawo amatumiza malonda onse pamodzi tikatseka tsiku. Ukaiwala kutseka, tsiku lina lapita. Kenako mabanki awiriwo, ya kasitomala ndi yathu, amalipirana kudzera ku Visa kapena Mastercard, masiku antchito okha.

Za pafoni zimafika nthawi yomweyo chifukwa kampani imodzi imangochotsa uku nkuwonjezera uko m'buku lake.

Chomwe chatisokoneza ndi ichi: khadi ndi makina zikakhala za banki imodzi, nchifukwa chiyani timadikirabe? Kodi banki imasunga dala, poopa kuti kasitomala angakane malondawo?