Funso: mawu ndi mphindi pa maphunziro a kagawidwe ka ndalama za banki mkhonde, ndalakwitsa pati?

Anzanga pa gulu lino, makamaka inu amene munazolowera kutsogolera maphunziro, ndithandizeni. Ndine mlangizi wa m'mudzi wa magulu a banki mkhonde kuno ku Mchinji. Loweruka likudzali ndikumana ndi makomiti a magulu 6. Komiti iliyonse ili ndi wapampando, mlembi, wosunga bokosi ndi owerenga ndalama awiri, ndiye onse pamodzi ndi anthu 30. Magulu onsewa agawana koyamba mu Disembala, ndipo ndikufuna tsikulo likamafika adzathe kupeza okha mtengo wa sheya imodzi. Kalasi tabwereka maola awiri basi, chifukwa 11 koloko mumalowa akwaya.

Sabata yatha ndinachititsa phunziro lomweli kwa makomiti ena, sizinayende. Pepala langa ndinalemba motere:

9:00 Pemphero ndi malonje, mphindi 10.
9:10 Ndifotokoze kagawidwe pa bolodi, mphindi 20.
9:30 Ntchito ya m'magulu, mphindi 15.
9:45 Magulu anene zomwe apeza, mphindi 15.
10:00 Sewero la tsiku logawana, mphindi 40.
10:40 Mafunso ndi kutseka, mphindi 20.

Pa 9:30 ndinalemba mawu oti ndinene awa: "Tsopano khalani m'magulu anu. Ndikupatsani pepala la mamembala 4 ndi masheya awo. Muwerengere ndalama zomwe aliyense alandire, mukumbukire wangongole uja, kenako musankhe mmodzi adzafotokoze kutsogolo kuno."

Pa pepala lawolo panali masheya 30, 20, 40 ndi 10, sheya imodzi ya K1,000, m'bokosi K135,000, ndipo mayi wa masheya 40 ali ndi ngongole ya K10,000.

Tinayamba 9:35 podikira anthu. Nditangoti "khalani m'magulu" onse anadzuka, mabenchi kukokedwa, mawu otsalawo sanamveke. Ndinayenda gulu ndi gulu kubwereza. Mphindi 15 zija zinakhala 45, mayankho anatuluka osiyana, ndipo alembi awiri anakangana za ngongole mpaka nthawi inatha. Sewero sitinachite. Chondiwawa n'chakuti amayi ena anapita osagwira ngakhale pensulo. Ndisinthe mawu kapena ndisinthe nthawi?

Mayi amene anaphunzitsapo alangizi, ku Dedza: Mwachita bwino kulemba mawu enieniwo, mwana wanga, chifukwa vuto likuoneka pomwepo. Chiganizo chanu choyamba n'chimene chinameza zina zonse. Munthu akamva zoti adzuke, khutu limatseka, maso ali pa benchi ndi pa mnzake. Mawu odzutsa anthu azikhala omaliza.

Komanso munanena ntchito zinayi kamodzi. Ine ndikanalemba chonchi, ndi kunena anthu ali chikhalire:

"Musadzuke kaye, mverani. Komiti iliyonse ilandira pepala ngati ili ndanyamulali. Ntchito ndi imodzi: pezani mtengo wa sheya imodzi. Phatikizani masheya onse, kenako gawani ndalama za m'bokosi ndi nambala imeneyo. Mukapeza, lembani yankho ndi zilembo zazikulu kuseri kwa pepala, mukweze m'mwamba. Muli ndi mphindi 10. Amayi a chitenje chobiriwira, tatiuzani, tikukachita chiyani?"

Funso lomalizalo lilembeni pa pepala lanu, musalisiye. Mukafunsa kuti "mwamva?" onse ati eya. Mukapempha munthu mmodzi abwereze m'mawu ake, mumva pomwe pasokonekera anthu asanabalalike. Akabwereza bwino, apo ndiye nenani: "Komiti yoyamba pa zenera apo, yachiwiri pa khomo," mukuloza ndi dzanja.

Ngongole ichotseni pa ntchito yoyambayi. Masheya 100, ndalama K135,000, sheya imodzi K1,350. Aliyense alawe kaye kuti watha. Ntchito yachiwiri, ali m'magulu momwemo, muwaimitse ndi kuwomba m'manja n'kunena: "Tsopano chulukitsani K1,350 ndi masheya a munthu aliyense." Atuluke ndi K40,500, K27,000, K54,000 ndi K13,500. Muwauze aphatikize zinayizo, zikapanda kubwerera pa K135,000 adziwa okha kuti penapake palakwika, inu osayenda benchi ndi benchi.

Bambo wina wa ku Kasungu: Ine ndimaona kuti kulemba mawu n'kumene kumapha maphunziro. Munthu umangoyang'ana pepala ngati ukuwerenga chikalata cha pa maliro. Phunziro ukalidziwa, lankhula za mumtima. Ndipo anthu akatopa aimbitseni nyimbo, amabwerera okha.

Mayi wa ku Dedza uja: Bambo, pa kufotokoza ndikugwirizana nanu, mphindi 20 za pa bolodi zija asawerenge. Koma malangizo a ntchito ndi ena. Za mumtima zimatalika, umanena kawiri mosiyana, gulu lina limagwira koyamba lina kachiwiri. Ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zokhazo azilembe, aziloweze ali kunyumba.

Wofunsa: Zikomo amayi. Nanga mphindi? Ndikagawa ntchito pawiri si ndiye nthawi ichuluka?

Mayi wa ku Dedza uja: Ichuluka pa pepala, koma m'kalasi ichepa. Mphindi 15 zanu zija munawerengera masamu okha, ngati kuti anthu ali kale m'magulu pensulo m'manja. Kunena malangizo ndi kubwerezetsa ndi mphindi 3. Anthu 30 kusuntha mabenchi ndi kulandira mapepala, mphindi 5. Ntchito yoyamba 10, yachiwiri 10. Zakwana 28, lembani 30. Njira yodziwira ndi iyi: chitani masamuwo nokha mukuyang'ana wotchi, mphindi zomwe mwatenga muchulukitse katatu. Ine ndimatero ndipo kawirikawiri sindiphonya kwambiri.

Pomwe munadziika pa msampha ndi pa malipoti. Magulu 6 m'mphindi 15 ndiye kuti gulu lililonse mphindi ziwiri ndi theka, pamene wofotokoza kuti adzuke, afike kutsogolo, apereke ulemu kwa onse, mphindi imodzi yapita. Aliyense amatenga 5, ndiye 30, ndipo gulu lachinayi likamanena zomwezomwezo anthu ayamba kale kucheza. Poti funso ndi limodzi, onse akweze mapepala nthawi imodzi. Mayankho akafanana, gulu limodzi lokha lifotokoze. Akasiyana, gulu losiyanalo lionetse njira yake pa bolodi, ena athandize kupeza pomwe nambala inathawira. Mphindi 10 zikwana.

Ndipo siyani kulemba 9:10, 9:30. Mukachedwa kuyamba, pepala lonse lafa, mumangosokonezeka. Lembani mphindi zokha, ndipo konzani za mphindi 90 ngakhale kalasi ndi ya 120. Mwachitsanzo malonje 10, pa bolodi 10, m'magulu 30, kukweza mayankho 10, ngongole 20, kutseka 10. Pambali pa gawo lililonse lembani chomwe mungadule nthawi ikakuthawani.

Mnyamata wina: Pepani kulowerera, ife gulu lathu chiwongoladzanja ndi 20 pa 100 pa mwezi, ena akuti n'chochuluka. Inu mumaphunzitsa zingati?

Wofunsa: Achimwene, chimenecho gulu limagwirizana lokha n'kulemba m'malamulo ake. Funso langa ndi la kayendetsedwe ka phunziro.

Mlembi wa gulu lina, ku Ntcheu: Ine ndaima pa mkangano wa alembi awiri uja, chifukwa mwina onse amalondola. Alangizi athu anatiphunzitsa kuti wangongole timamufufutira masheya m'kabuku. K10,000 ndi masheya 10, ndiye mayiyo atsala ndi 30, onse pamodzi 90. K135,000 kugawa ndi 90, sheya ndi K1,500, iye alandira K45,000. Koma gulu la mlamu wanga limaphatikiza ngongoleyo ku ndalama za m'bokosi, K145,000 kugawa ndi 100, sheya K1,450. Mayiyo zake ndi K58,000, kuchotsa K10,000, atenga K48,000. Mwaona, kusiyana K3,000 pa munthu mmodzi. Inu munangoti "mukumbukire wangongole," osanena njira. Aliyense anakumbukira za kwawo.

Wofunsa: Ayi ndithu, mayankho ake anali amenewa, K1,500 ndi K1,450. Ine ndinkadziwa yofufuta yokha, ndiye winayo ndinamuuza kuti walakwitsa. Ndikapepesa kwa bambo amene uja.

Mayi wa ku Dedza uja: A mlembi atithandiza. Ine ndimaphunzitsa yofufuta, koma musanafike Loweruka onani malamulo a magulu onse 6. Ngati onse analemba njira imodzi, itchuleni m'malangizo: "Fufutani masheya 10 a mayi wachitatu, muwerengenso." Ngati sanalembe kanthu, musalole kuti akagamule m'kalasi, si nkhani ya komiti yokha. Lembani pa pepala lanu mawu otsekera mkangano: "Njira zilipo ziwiri, lero tiyeserera iyi. Yoti mutsate mukagwirizane ndi mamembala onse pa msonkhano wa sabata ino."

Mlembi wa ku Ntcheu: Koma amayi, mukaonetsa imodzi yokha, anthu amatenga kuti ndiyo ya alangizi, inayo ndi yabodza. Bwanji aonetse zonse?

Mayi wa ku Dedza uja: Atakhala ndi tsiku lonse, inde. M'mphindi 20, kwa anthu ogawana koyamba, ndikuopa kuti atuluka atasakaniza, afufute masheya komanso aphatikize ngongole.

Mayi wina wa ku Zomba: Palibe wayankha za amayi amene sanagwire pensulo. Kwathu zinali chimodzimodzi, mlembi ndiye amalanda pepala poti ndi wa sukulu, ena anayi kumangoonerera. Tsiku logawana mlembi wathu anali ku chipatala ndi mwana, tinasowa pogwira. Alangizi atabweranso anabweretsa nyemba. Nyemba imodzi sheya imodzi, milu inayi, owerenga ndalama awerenge mokweza, wosunga bokosi agawe pa foni, wapampando anene yankho, mlembi angolemba zomwe wauzidwa. Kufufuta masheya kunamveka bwino pamene tinaona nyemba 10 zikuchotsedwa pa mulu. Koma ziwerengereni kunyumba m'timapepala ta shuga, ndipo muwonjezere mphindi, nyemba zimagwa pansi.

Bambo wa ku Kasungu uja: Nyembazo ndavomera. Koma sewero musalitaye, anthu amakumbukira sewero kuposa masamu.

Wofunsa: Ndalembanso. Mawu odzutsa anthu ndawaika kumapeto, ndawonjezera chiganizo chogawa ntchito kwa anthu asanu monga anenera amayi a ku Zomba, ndipo m'magulu ndaika mphindi 35, pochotsa 5 pa kutseka. Mawa ndizungulira kwa alembi kukaona malamulo awo. Sewero silikulowa mu 90. Tikayamba pa nthawi ndilichita m'mphindi zotsalazo, apo ayi ndikalichitira ku gulu lililonse pa msonkhano wawo. Chomwe ndikadali nacho ndi ichi: gulu limodzi likamaliza m'mphindi 4 pamene lina lili pa kuphatikiza masheya, omalizawo ndiwapatse chiyani kuti asayambe kuuza anzawo yankho?

Mlembi wa ku Ntcheu: Khalani ndi pepala lina m'thumba, la nambala zosagawika bwino, monga K137,000 pa masheya 90. Akambirane kuti timakobiri totsalato apanga nato chiyani, poti tsiku lenilenilo n'zimene akakumane nazo.