Ndimulembere chiyani mwana wanga wa ku sukulu yogonera kuti asaone ngati ndikumulongololera?

Mayi a Chisomo:
Moni nonse pagulu pano. Ndigawireniko nzeru, makamaka inu amene muli ndi ana ku sukulu zogonera komweko. Mwana wanga wamkazi ali Fomu 3, teremu yachiwiri. JCE anakhoza bwino ndithu, koma lipoti la teremu yathayi Masamu wapeza 8, Kemisitiri 7, pamene Chingerezi ndi Bayoloje ali pa 3. Kusukulu kwawo salola mafoni, ndiye timalankhulana Lamlungu masana pa foni ya amatironi, mwachangu chifukwa anzake amakhala ali pamzere. Masiku ano amangoti "ndili bwino, sopo watha, shuga watha," basi wapereka foni kwa wina. Pa holide anauza azakhali ake kuti amayi akaimba, nkhani ndi fizi ndi kuwerenga basi.

Loweruka likubwerali mlongo wanga akudutsira cha kumeneko, ndiye ndikufuna ndimupatsire kakatundu ndi kakalata. Ndalemba chonchi:

"Mwana wanga, limbikira sukulu. Ukudziwa mmene tikuvutikira kupeza fizi, bambo ako agulitsa mbuzi ziwiri. Usamayende ndi anzako opanda tsogolo, anyamata uwapewe. Masamu aja sindinakondwe nawo. Taona mwana wa aneba athu ali ku yunivesite. Timakukonda, usatichititse manyazi."

Palibe bodza m'menemo, koma ndikuopa kuti akangowerenga mzere woyamba aipinda. Ndichotse chiyani, ndiike chiyani?

A Gondwe:
Musachotse kalikonse mayi. Kuongola mtengo mpoyamba. Ife makolo athu sankatinyengerera, ndipo sitinafe. Mwana adziwe kuti mbuzi zagulitsidwa chifukwa cha iye. Chokhacho, za mwana wa aneba zichotseni, kuyerekeza ana kumabala chidani.

Nachisale:
Mugulireni kafoni kakang'ono azibisa m'thumba la pilo, muzicheza naye usiku bwinobwino. Ambiri akutero.

Mayi a Chisomo:
Ayi achemwali, akamupeza nayo amubweza kunyumba. Komanso vuto si njira yolankhulira, ndi zimene ndingamuuze.

Aphunzitsi Opuma:
Mayi, ine ndinaphunzitsa ku sekondale ya atsikana, ndipo kwa nthawi ndithu ndinkayang'anira hositelo. Makalata ngati anuwa ndawaona ambiri, ena ali m'bini.

Choyamba ganizirani komwe kalatayo ikawerengedwere. Katundu akafika ku hositelo, anzake onse amaunjikana pabedi kuti aone chomwe chabwera. Wina watenga kale chigumu, wina akusuzumira kalata paphewa. M'masukulu ena amatironi amayamba atsegula katundu yense. Ndiye mukalemba kuti "bambo ako agulitsa mbuzi ziwiri," mwauza chipinda chonse za umphawi wa kwanu, ndipo "anyamata uwapewe" anzake amuseka nazo teremu yonse. Chilichonse chimene simungafune kuti mnzake wa bedi lapamwamba awerenge, chisungeni mpaka tsiku lokaona ana, mukakhale awiri pansi pa mtengo.

Tsopano werenganinso kalata yanu, mufunefune chinthu chimodzi chimene Chisomo sakuchidziwa kale. Kuti alimbikire amauzidwa m'mawa uliwonse pa asembule. Kuti fizi ndi yovuta akudziwa, ndi iye amene amaitanidwa ku ofesi ikachedwa. Kuti Masamu anapeza 8 anadziwa inu musanadziwe. Kulongolola n'kumeneko, kuuza munthu zimene akuzidziwa kale ngati kuti waiwala. Mawu okoma alimo amodzi okha, "timakukonda," koma mwawamangirira ku "usatichititse manyazi." Mwana amamva kuti chikondicho chidikira zotsatira za MSCE.

Za Masamu musazisiye, koma muziike pa msinkhu wake. Pa kachongedwe ka MSCE 8 sikulephera, kulephera ndi 9. Chimene akufuna kuti adzapikisane nawo pa malo a ku yunivesite za boma ndi makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo kirediti imayambira pa 6. Ndiye ulendo woyamba ndi wochoka pa 8 kufika pa 6, ndipo ali ndi nthawi yoposa chaka. Kutsika mu Fomu 3 n'kofala, chifukwa ntchito imalemera mwadzidzidzi poyerekeza ndi ya JCE. Mwana amene ali ndi 3 mu Bayoloje si waulesi. Kawirikawiri pamakhala mutu umodzi kapena iwiri imene inamudutsa, mwina sabata imene anagona ndi malungo, kenako mitu yotsatira yonse n'kumamuzungulira mutu. M'malo momuuza kuti simunakondwe, mufunseni kuti mutu wake ndi uti. Funso lotere lili ndi yankho, pamene "limbikira" yankho lake ndi "chabwino" basi.

Mayi a Chisomo:
Zikomo kwambiri aphunzitsi. Ndiye ndiyambe bwanji? Ndikachotsa malangizo onse kalata itsala mizere iwiri.

Aphunzitsi Opuma:
Mudzaze ndi za kunyumba. Mwana wa ku hositelo ali ndi njala ya nkhani zazing'ono zimene inu mukuziona ngati zachabe. Kenako tchulani chinthu chimodzi chimene munamuona akuchita bwino ndi maso anu, osati "ndiwe mwana wabwino" ayi, koma chochitika chenicheni. Tandiuzeni, pa holide anachitapo chiyani chimene chinakusangalatsani?

Mayi a Chisomo:
Madzulo aliwonse ankakhala pakhonde ndi mng'ono wake wa Sitandade 8, kumuthandiza Sayansi. Anamujambulira mtima papepala la katoni, ndi mivi yosonyeza komwe magazi amapita. Mpaka pano lili pakhoma. Ndipo nkhuku yake imene anaisiya ikukhalira yaswa anapiye asanu ndi awiri.

Aphunzitsi Opuma:
Kalata yanu ndi imeneyotu. Ine ndikanalemba motere, inu mukonze kuti amve mawu anu, asamve anga:

"Chisomo mwana wanga, kuno tonse tili bwino. Nkhuku yako ija yaswa anapiye asanu ndi awiri, mmodzi kabawi watenga, otsalawo tikuwatsekera. Mtima unajambula pa katoni uja ukadali pakhoma, mng'ono wako amaima pamenepo n'kumaloza ndi chala ngati mphunzitsi. Ndinkakumvetsera uli pakhonde paja, umafotokoza zomveka moti inenso ndinatolapo. Masamu ndaona kuti akukuvutitsa teremu ino. Lamlungu ndikaimba undiuze mutu umene unakusokoneza, tione ngati pakufunika buku kapena ndilankhule ndi aphunzitsi ako. Chiponde ndasinja ndekha, ugawireko anzako. Ndine mayi ako."

Onani kuti za Masamu zatenga mizere iwiri yokha, ndipo zili pakati, si poyambira kapena pothera. Onaninso mawu akuti "akukuvutitsa." Mlandu wapita kwa Masamu, inu ndi mwana muli mbali imodzi.

A Gondwe:
Kalata yokoma, koma mwana awerenga za anapiye n'kuganiza kuti 8 uja palibe vuto. Za fizi zasoweratu.

Tiya wa ku Zomba:
Bambo Gondwe, ine ndamaliza Fomu 4 posachedwapa ku sukulu yogonera, ndiloleni ndiyankhe. Za fizi sitiiwala ngakhale tsiku limodzi. Mayi anga akangotchula za ngongole pa foni, ku pulepu usiku umenewo ndinkangoyang'ana buku osawerenga, mutu uli kunyumba. Mpaka ndinayamba kubisa zinthu: nsapato zitang'ambika sindinanene, ndinazimanga ndi waya. Kalata imene ndinasunga m'Baibulo ndi ya agogo anga, yonena za mvula ndi za ng'ombe imene inathawa, ndipo pamapeto analemba kuti akusunga maungu awiri mpaka ndidzabwere.

Mayi a Chisomo, china ndi ichi. Mukaimba musayambe ndi "ukuwerenga?" chifukwa amatironi amakhala pompo akumva, ndi anzake ali kumbuyo. Palibe anganene kuti "Masamu sindikumva" pamaso pa anthu. Ndiye funso la mutu wovuta lija mwina pa foni sayankha. Muikiremo pepala ndi envulopu kuti amalume akewo abwere ndi yankho.

Aphunzitsi Opuma:
Tiya wanena zoona, pamenepo ndiye musinthe. M'malo mwa "Lamlungu undiuze," mulembe kuti "undilembere papepala ili, upatse amalume ako." Koma muwauze amalumewo adikireko pang'ono, asangosiya katundu pageti.

Mai Banda (Joni):
Ine wanga ali ku Malawi ndi agogo ake, ali Fomu 1, ndimangotumiza ndalama pa Airtel Money ya aphunzitsi. Vuto langa ndi loti sandiuza kalikonse, akuti akuluakulu a Fomu 4 amawachapitsa zovala. Ndinamva kwa mnzake. Kodi ndikauze ahedi kapena ndingomusintha sukulu?

Aphunzitsi Opuma:
Mai Banda, yanuyo ndi nkhani ina, siithera pa kalata. Imbirani woyang'anira hositelo, mupemphe kuti afufuze osatchula dzina la mwana wanu, chifukwa akadziwika kuti ndiye wanena zimamuipira. Koma mwandikumbutsa kanthu. Mayi a Chisomo, mwana akasiya kulankhula sikuti nthawi zonse ndi chifukwa cha mawu a makolo. Pena amubera, pena wakangana ndi mnzake wapamtima, pena akudwala. Mukaona kuti kalata zofatsa zapita ziwiri kapena zitatu koma iye akadali pa "sopo watha" pomwepo, kapena maphunziro amene amakhoza aja nawonso ayamba kutsika, imbirani amatironi tsiku lina osati Lamlungu, muwafunse ngati akudya bwino ndiponso amayenda ndi ndani. Akayamba kukuuzani zopanda pake, monga za nyemba zofumbwa kapena za mphunzitsi woseketsa, dziwani kuti zikuyenda.

Nachisale:
Vesi osaikamo? Kalata yopita kwa mwana yopanda Mawu a Mulungu?

Tiya wa ku Zomba:
Aikemo ngati amatero nthawi zonse, koma asasankhe ya "mlesi iwe, pita kwa nyerere." Imeneyo timaidziwa kuti ndi chikwapu chomwecho.

Mayi a Chisomo:
Mwandiseketsa Tiya, ndiyotu ndimaganiza imeneyo. Ndalembanso motsatira aphunzitsi, pepala ndi envulopu ndaikamo. Koma bambo a mwana awerenga, akuti kalata yopanda za fizi iwo sasainira, mwana ayenera kudziwa. Akugwirizana ndi a Gondwe. Ndiwalole awonjezere pansi pake?

A Gondwe:
Aloleni. Nawonso ndi kholo.

Aphunzitsi Opuma:
Ndi kholo inde, koma ine ndikanawapempha asunge zimenezo mpaka tsiku lokaona ana, akamuuze pamaso, ndipo akamuuzenso kuti fizi ya teremu ino yalipidwa kale, asade nkhawa. Ngati akakamira kulemba, alembe papepala lawo, m'envulopu yomata, dzina lawo pamwamba.

Mayi a Chisomo:
Ndiyesa kuwauza madzulo ano akadya. Kodi chiponde amalola m'botolo lagalasi, kapena ndithire m'chigubu chapulasitiki?

Tiya wa ku Zomba:
Chapulasitiki mayi, ndipo mulembe dzina lake pansi pa chigubucho, osati pachivindikiro.