Mamembala ena akusowa, ena akubwera kawiri: kiyi ya ON CONFLICT ikhale iti?

Mnyamata wa ku Dedza

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pali kopaletivi ya alimi yomwe ili ndi makalabu 24. Mwezi uliwonse alembi amatumiza fayilo ya CSV ya mamembala onse, ndipo sikiriputi imailowetsa mu PostgreSQL mzere umodziumodzi: membala akakhala watsopano alowe, akakhala kuti alimo kale zake zingokonzedwa. Kiyi yomwe ndikuzindikirira munthu ndi nambala ya foni.

```sql
INSERT INTO mamembala (foni, dzina, kalabu)
VALUES ($1, $2, $3)
ON CONFLICT (foni) DO UPDATE
SET dzina = EXCLUDED.dzina, kalabu = EXCLUDED.kalabu;
```

Fayilo yoyamba inali ndi mizere 1,200 koma mu tebulo munalowa 1,160. Mwezi wachiwiri anthu ndi omwewo, koma tebulo lakwera kufika 1,400. Mayi wina dzina lawo lasowa, pamzere wawo pali dzina la mwana wawo, ndipo masheya a mayiwo akuoneka ngati a mwanayo. Palibe uthenga wa vuto ngakhale umodzi womwe watuluka.

Bambo a ku Mzuzu

Achimwene, vuto ndi kalembedwe ka manambala. Mlembi wina amayamba ndi 099, wina ndi +26599, ndipo fayilo ikangodutsa mu Excel ziro woyamba amagwa. Kwa databesi amenewo ndi anthu atatu osiyana. Musanalowetse, chotsani chilichonse chomwe si nambala, mutenge manambala 9 omalizira:

```sql
right(regexp_replace(foni, '\D', '', 'g'), 9)
```

Zikatero zobwereza zitha.

Mayi a ku Zomba

Bambo a ku Mzuzu anena zoona, koma ndi mbali imodzi yokha. Apa pali matenda awiri. Kukonza kalembedwe kuchiza amodzi n'kukulitsa enawo, chifukwa anthu awiri ogwiritsa foni imodzi omwe anapulumuka kaamba koti nambala yawo inalembedwa mosiyana, tsopano nawonso aphatikizidwa.

Tiyambe ndi 40 omwe anasowa. ON CONFLICT siidziwa munthu, imangodziwa kolamu yomwe mwaiuza. Mukaiuza kuti foni, mwalumbira kuti nambala imodzi ndi munthu mmodzi. Kumudzi sizili choncho: foni imodzi ndi ya banja lonse, ndipo nthawi zina theka la kalabu limalembetsa nambala ya tcheyamani. Mzere wa mayi unalowa, wa mwana utabwera ndi nambala yomweyo unalemba pamwamba pake. `id` ya mzerewo sinasinthe, n'chifukwa chake masheya onse omwe amaloza `id` imeneyo tsopano ali pa dzina la mwana.

Chinakubisirani vutoli ndi kulowetsa mzere umodziumodzi. Fayilo yonse ikanalowa ndi INSERT imodzi, PostgreSQL ikanakana ndi mawu akuti `ON CONFLICT DO UPDATE command cannot affect row a second time`. Koma mzere uliwonse ukamabwera paokha, womaliza ndiye amapambana mwakachetechete.

Tsono za 240 owonjezera. Onani kaye kuti opanda foni ndi angati. Mu indekisi ya UNIQUE, NULL salingana ndi NULL mnzake, ndiye mzere wopanda foni sugundana ndi china chilichonse ndipo umalowanso mwatsopano mwezi uliwonse. Lowetsani fayilo yoyamba ija mu tebulo lapadera lopanda UNIQUE, mufunse izi:

```sql
SELECT foni, count(*), array_agg(dzina)
FROM fayilo_yaiwisi
GROUP BY foni
HAVING count(*) > 1;
```

GROUP BY yokha imaika ma NULL onse pamodzi, ndiye muwaona pamzere umodzi.

Mnyamata wa ku Dedza

Ndayendetsa, mayi. Manambala 40 ali ndi mayina awiriawiri, ndipo opanda foni alipo 150. Pa 240 aja, 150 ndi amenewa, otsala 90 ndi omwe mwezi uno analembedwa ndi +265. Masamu akugwirizana ndendende. Ndiike `NULLS NOT DISTINCT` poti ndili pa PostgreSQL 15?

Mayi a ku Zomba

Ayi ndithu, musayerekeze. Imeneyo ichititsa kuti opanda foni onse 150 akhale munthu mmodzi. Zomwezo zichitika mukamalowetsa mawu opanda kanthu, `''`, m'malo mwa NULL. `NULLS NOT DISTINCT` ili ndi ntchito yake pomwe kusowa kwa chinthu kuli ndi tanthauzo limodzi, osati pomwe kukutanthauza kuti sitikudziwa.

Kolamu iliyonse yomwe mukufuna ikhale kiyi muifunse mafunso atatu. Kodi aliyense ali nayo pa tsiku lolembetsa? Kodi anthu awiri angakhale nayo yofanana? Kodi ingasinthe munthu akadali yemweyo? Foni yalephera onse atatu, ndipo lachitatulo simunalione chabe: munthu akataya simu n'kugula ina alowa ngati membala watsopano, pomwe nambala yake yakale ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito kampani ya mafoni ikhoza kuipereka kwa munthu wina.

Wa ku Chipata

Koma bwanji mukuvutika? Tebulo lililonse limayenera kukhala ndi `id` yodziwerengera yokha ngati PRIMARY KEY. Imeneyo siibwereza. Ikani `ON CONFLICT (id)` basi.

Mayi a ku Zomba

`id` ilipo kale achimwene, ndipo ikhalepo, chifukwa matebulo a masheya ndi ngongole ayenera kuloza iyo. Koma fayilo ya alembi ilibe `id` imeneyo. Databesi imapereka yatsopano pa mzere uliwonse wobwera, ndiye kugundana sikudzachitika, ndipo mwezi uliwonse anthu 1,200 azilowanso. Funso la mnzathuyu ndi lakuti mzere wochokera kunja tiuzindikire bwanji, ndipo yankho liyenera kukhala chinthu chomwe chili m'fayilomo.

Achemwali a ku Area 25

Nanga nambala ya chiphaso cha unzika? Ndi ya munthu mmodzi ndipo siisintha. Pa ntchito yolemba ogwira ntchito pakampani imagwira bwino kwambiri.

Bambo a ku Mzuzu

Pakampani inde, poti salembedwa ntchito wopanda chiphaso. Kukalabu ena amabwera atachiiwala kunyumba, ena chinatayika, ndipo chimaperekedwa kuyambira zaka 16. Komanso ndi zilembo zosakaniza ndi manambala, zokopera pamanja m'kaundula. Mlembi akaona 5 n'kulemba S, mwapeza membala watsopano. Choipa koposa, akalemba nambala ya mwamuna pa mzere wa mkazi, tabwereranso pomwe tinayambira.

Mayi a ku Zomba

Chiphasocho chisungeni, koma chikhale mlonda osati kiyi. Muchiike UNIQUE pachokha, chololedwa kukhala NULL, ndipo musachitchule mu ON CONFLICT. Chikagundana, INSERT ilephera ndi `duplicate key value violates unique constraint`, mzerewo muupatule kuti munthu auone ndi maso. Kulephera kotere n'kwabwino. Mzere wobwereza umaoneka ndipo umakonzeka, koma wophatikizidwa molakwika umafufuta zomwe zinalipo.

Achimwene a ku Dedza, m'fayilomo muli makolamu ati ena?

Mnyamata wa ku Dedza

Muli `dzina`, `mudzi`, `kalabu`, `kodi_ya_kalabu` ndi `nambala_ya_membala`, yomwe ndi nambala ya m'kaundula wa kalabu. Ndinaisiya chifukwa imabwereza, nambala 7 yokha ilipo ka 24.

Mayi a ku Zomba

Imabwereza chifukwa kalabu iliyonse imayambira pa 1. Payokha si kiyi, koma ikaphatikizana ndi kodi ya kalabu ikhoza kukhala. Mutenge kodi, osati dzina la kalabu, poti mayina ngati Tiyanjane amapezeka m'madera angapo ndipo aliyense amalemba mwake. Ngati nambalayo ndi manambala okhaokha, kolamu ikhale `integer`, kuti 007 ndi 7 zikhale chimodzi ngakhale Excel itadya ziro.

Yesani kaye pa mafayilo onse awiri ndi funso lija, mutasintha `foni` mu SELECT ndi mu GROUP BY kukhala makolamu awiriwa. Likabweza mizere ziro, onjezerani makolamu awiriwa mu tebulo, kenako pitirizani:

```sql
ALTER TABLE mamembala DROP CONSTRAINT mamembala_foni_key;
ALTER TABLE mamembala
  ALTER kodi_ya_kalabu SET NOT NULL,
  ALTER nambala_ya_membala SET NOT NULL,
  ADD UNIQUE (kodi_ya_kalabu, nambala_ya_membala);
```

Kenako `ON CONFLICT (kodi_ya_kalabu, nambala_ya_membala)`, ndipo foni ipite ku SET ngati chinthu wamba chomwe chimasintha. NOT NULL ndi yofunika pa makolamu onse awiri, chifukwa imodzi yokha ikakhala NULL mzerewo udutsa ngati aja 150. UNIQUE ya foni ichoke, apo ayi mayi ndi mwana sangalowe onse.

Koma zimenezi musachitire pa tebulo lomwe laonongekali. Anthu 40 ofufutidwa aja mulibemo, ndipo palibe funso la SQL lomwe lingawabweze. Mangani tebulo latsopano kuchokera ku mafayilo, kenako masheya muwalumikizenso. A anthu omwe analowa kawiri ndi osavuta, mungowasamutsira ku `id` imodzi. A pa manambala 40 aja muyenera kutsegula kaundula wa pepala kapena malisiti, chifukwa ndalama za anthu awiri zili pa `id` imodzi ndipo databesi singadziwe kuti za mayi ndi ziti.

Bambo a ku Mzuzu

Kwa omwe ali pa MySQL, nzeru ya mlonda ija siigwira chimodzimodzi. `ON DUPLICATE KEY UPDATE` siikupatsani mwayi wosankha kiyi, imadzuka pa indekisi ya UNIQUE iliyonse yomwe yagundana. Mukakhala ndi UNIQUE pa nambala ya membala ndi ina pa chiphaso, mzere wa chiphaso cholakwika ukonza munthu wina popanda kudandaula. Kumeneko tebulo lotere likhale ndi UNIQUE imodzi yokha yomwe fayilo ingagunde, chiphaso muchifufuze ndi SELECT musanalowetse.

Mnyamata wa ku Dedza

Ndayesa makolamu awiriwo. Fayilo yoyamba yatuluka yoyera. Koma poyerekeza ndi yachiwiri, pa kalabu imodzi nambala 31 ili ndi dzina lina. Ndafunsa mlembi, akuti mwini nambalayo anasiya ndiye anaipereka kwa wolowa kumene kuti m'kaundula musakhale mpata. Palinso awiri omwe asamukira ku kalabu ina n'kulandira manambala atsopano.

Mayi a ku Zomba

Nambala 31 ndiyo yoopsa, chifukwa ndi nkhani ya mayi ndi mwana yomwe ija: watsopano alowa m'masheya ndi ngongole za wotuluka. Sikiriputi singathetse zimenezi payokha. Alembi auzidwe kuti nambala ya munthu wotuluka imafa naye, siiperekedwanso. Podikira kuti azolowere, sikiriputi isanalowetse iziyerekeza dzina la m'fayilo ndi la mu tebulo pa kiyi iliyonse, ndipo pomwe zasiyana mzerewo uzipatulidwa. Mugwiramo ndi omwe angokonza kalembedwe ka dzina kapena asintha dzina atakwatiwa, koma amenewo ndi ochepa, munthu atha kuwaona m'mphindi zochepa.

Osamuka ndingawachitire tebulo lachiwiri: `kodi_ya_kalabu`, `nambala_ya_membala` ndi `membala_id`, UNIQUE ikhale pa awiri oyambawo. Munthu mmodzi akhoza kukhala ndi mizere iwiri mmenemo, yonse yoloza `id` imodzi.

Achemwali a ku Area 25

Mayi, apo ine ndikusiyana nanu pang'ono. Tebulo lachiwirilo likudalira kuti wina auze ofesi kuti wakutiwakuti wasamuka. Akapanda kunena, munthuyo alowa kawiri ndithu. Bwanji kopaletivi ipereke nambala imodzi ya membala yochokera ku likulu, yosindikizidwa pa khadi, yosatengera kalabu? Kapena ngati adzalembetsa pa tabuleti, UUID ipangidwe pomwepo pa tsiku lolembetsa.

Mayi a ku Zomba

Nambala ya likulu ndi yabwino koposa ngati makhadi angafike kwa onse 1,200 ndipo alembi n'kumaikopera molondola. Koma wosamuka akafika ku kalabu yatsopano wopanda khadi, mlembi amupatsa ina, ndipo UUID nayo ipangidwa yatsopano akalembetsedwanso. Achimwene a ku Dedza, tiuzeni kaye: munthu akamasamuka, pali fomu yomwe imadutsa ku ofesi, kapena amangouzana alembi awiriwo?