Mnyamata anakomoka mu thanki ya sepitiki ku Luchenza, kodi tilowetsenso munthu?

Mwini nyumba za lendi, Luchenza:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa amene amadziwa ntchito imeneyi. Ndili ndi nyumba zinayi za lendi zimene zimathira mu thanki imodzi ya sepitiki yakuya mamita awiri ndi theka. Madzi atayamba kubwerera m'zimbudzi, ndinaitana anyamata awiri aganyu. Atatsegula chivundikiro panatuluka fungo la dzira losukusa, anadikira pang'ono, kenako mmodzi anatsika pa makwerero ndi ndodo kuti aswe chikhakha chimene chinauma pamwamba pa zoipazo. Atangotakasa, anafuula kuti fungo latha, koma posakhalitsa miyendo inalefuka ndipo anakomoka. Mwayi wake anali atamangidwa chingwe m'khwapa, tinamukoka anthu atatu, ndipo anatsitsimuka tili pa njira yopita kuchipatala. Paipi yolowetsa madzi ikadali yotsekeka ndipo alendi akudandaula. Wina wandiuza kuti nditsitse kandulo yoyaka, ikapanda kuzima ndiye kuti munthu akhoza kulowa. Kodi zimenezi n'zoona? Nanga n'chifukwa chiyani anakomoka fungo litatha kale?

Wokumba zitsime, Chonde:
Bambo, ife pokumba zitsime timatsitsadi koloboyi, ndipo akazima timadziwa kuti pansi palibe mpweya wopuma. Ena amatsitsa nkhuku mu dengu kwa mphindi zingapo. Njira imeneyi yatipulumutsa zaka zambiri, choncho sindikuona chifukwa choti ikanike mu thanki yanuyo.

Woyang'anira chitetezo pa ntchito za suweji, Limbe:
Achimwene a ku Chonde, moto umasonyezadi ngati okosijeni wachepa kwambiri, koma mu thanki ya zoipa musayerekeze n'komwe. Zoipa zikamavunda popanda mpweya zimatulutsa metheni, amene alibe fungo, ndipo akafika pakati pa 5 ndi 15 peresenti ya mpweya wa m'thankimo amaphulika akakumana ndi moto, ngakhale wa machesi. Komanso kandulo imayaka bwinobwino mu mpweya umene ungaphe munthu, chifukwa chimene chinagwetsa mnyamatayo, mwa kuona kwanga, ndi hayidirojeni salufayidi, mpweya wa fungo la dzira lija.

Bambo a ku Luchenza, kutha kwa fungo ndiye kunali chizindikiro choopsa kwambiri. Mphuno imamva mpweya umenewu ukadali wochepa zedi, wosakwana ngakhale 1 ppm, kutanthauza gawo limodzi pa magawo miliyoni. Koma ukafika cha pa 100 ppm umachititsa dzanzi minyewa yonunkhizira, munthu n'kumaganiza kuti kwayera pamene mpweyawo wachuluka. Cha pa 700 mpaka 1,000 ppm munthu amagwa atangopuma kamodzi kapena kawiri. Ndi wolemera pang'ono kuposa mpweya wamba, motero umakhala pansi, pomwe pali nkhope ya munthu wowerama. Wambiri umakhala utasungunuka m'matope a zoipazo, ndipo ukatakasa umatuluka nthawi imodzi monga zimachitira ukakhutchumula botolo la chakumwa cha thovu. Pa chifukwa chomwechi nkhuku ikhoza kutuluka yamoyo, munthu n'kukagwa atangoyamba kugwira ntchito.

Mayi wa ku Bvumbwe:
Kwathu fungo la m'chimbudzi tinalithetsa pothiramo phulusa tsiku lililonse ndi kuika paipi yotulutsa mpweya kumbuyo. Ena amathiramo madzi a batire kuti zoipa zitsike. Mwina mungayese zimenezo, bambo.

Woyang'anira chitetezo, Limbe:
Mayi, paipi ndi phulusa n'zothandiza pa fungo la chimbudzi chokumba, koma sizichititsa kuti dzenje likhale lolowamo munthu. Za madzi a batirezo chonde auzeni asiye, chifukwa asidi akakumana ndi zoipa amatulutsa mpweya womwe tikukambawu mochuluka.

Mmene ife timachitira ndi motere. Timagwiritsa ntchito makina a m'manja oyeza mipweya inayi, amene pa galasi lake pamalembedwa O2 kutanthauza okosijeni, LEL kutanthauza mpweya wophulika monga metheni, H2S kutanthauza hayidirojeni salufayidi, ndi CO kutanthauza mpweya wa poizoni wa mu utsi. M'mawa timawayatsa panja pomwe O2 ayenera kuonetsa 20.9, kenako timawapopera mpweya wa m'kabotolo koyesera kuti titsimikize kuti akulira. Tikatero timatsitsa kapaipi kokoka mpweya, munthu ali kunja, n'kuyeza pakamwa pa thanki, pakati, ndi pansi pafupi ndi madzi, paliponse kudikira mphindi zosachepera ziwiri. Timayeza malo atatu chifukwa metheni ndi wopepuka ndipo amasonkhana kumwamba, pamene hayidirojeni salufayidi amatsikira pansi. Timayamba kuwerenga O2, popeza akachepa kwambiri mbali yoyeza LEL pa makina ambiri imanama, imaonetsa nambala yaing'ono pamene metheni alipo wambiri. O2 akatsika pa 19.5, kapena LEL akafika 10, kapena H2S akafika 10, palibe wolowa.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndekha pa thanki ina yofanana ndi yanuyo. Titatsegula n'kudikira theka la ola, pansi panaonetsa O2 20.4, LEL 3 ndi H2S 6, manambala amene munthu wopupuluma akanati ali bwino. Ndinauza mnyamata wanga kuti atakase ndi nsungwi ali pamwamba. Pasanathe mphindi imodzi makina analira, H2S anakwera kudutsa 100 mpaka pa galasi panangolembedwa OL, kusonyeza kuti wapitirira pomwe makinawo amalekezera. Choncho kuyeza kamodzi musanalowe sikukwanira, wolowayo ayenera kuvala makinawo pachifuwa nthawi yonse.

Koma ntchito yanuyo sindikuona kuti ikufunika munthu kulowa. Itanani galimoto yopopa zimbudzi, kapena opopa ndi pampu ya manja, achotse zoipazo ali kunja, kenako pulambala atsegule paipiyo ndi ndodo zolumikiza kuchokera pa kadzenje koyendera kamene kali pakati pa nyumba ndi thanki.

Mmisiri womanga, Thyolo boma:
Zonsezo n'zomveka, koma tinene zoona, makina amenewo ndani ali nawo kuno? Nthawi zina paipi ya m'kati imakhala itathyoka ndipo munthu ayenera kutsika ndi simenti. Ife timasiya thanki yotsegula masiku awiri, n'kumanga nsalu yonyowa kumphuno.

Woyang'anira chitetezo, Limbe:
Nsalu yonyowa ndi masiki a fumbi sizitchinga mpweya umenewu ngakhale pang'ono, ndipo siziwonjezera okosijeni. Kusiya potsegula kumathandiza metheni kutuluka, koma mpweya wolemera sukwera wokha, ndipo matope otsala pansi amapitiriza kutulutsa wina. Ngati kulowa n'kosapeweka, thanki ipopedwe ndi kutsukidwa kaye, madzi a m'nyumba atsekedwe, ndipo fani yamphamvu ikankhire mpweya wabwino mpaka pansi kudzera mu paipi yaikulu kwa nthawi yonse ya ntchito. Jenereta ikhale kutali, kumene mphepo ikulowera, kuti utsi wake usakokedwere m'katimo. Wolowayo avale malamba a thupi lonse olumikizidwa ku chokokera cha miyendo itatu, chifukwa chingwe cha m'khwapa chimavuka munthu akalefuka. Inu munangochita mwayi. Pamwamba pakhale munthu amene ntchito yake ndi kuyang'ana basi, ndipo mnzake akagwa asatsike kukamutenga, popeza ambiri amene amafera m'maenje otere amakhala opita kukapulumutsa anzawo. Za kumene mungabwereke makina m'boma lanu sindingakulonjezeni, koma yambani kufunsa ku ofesi ya zaumoyo ya khonsolo.

Mwini nyumba, Luchenza:
Zikomo nonse. Ndalankhula ndi a galimoto yopopa ndipo abwera Lachinayi, ngakhale mtengo wake ukuposa lendi ya mwezi ya nyumba ziwiri. Kadzenje koyendera kaja amene anamanga sanaikepo, choncho pulambala akuti tikumbe kunja n'kudula paipi. Mnyamata uja akudandaulabe mutu ndipo maso ake ndi ofiira, mawa ndimuperekezanso kuchipatala. Funso limene latsala ndi la amisiri a ku Thyolo boma: tikakapeza kuti paipi ya m'kati yathyoka, kodi ingakonzedwe pochotsa mbali ya silabu ya pamwamba, munthu osatsika?